Amalume, zimitsani izi pa TV yatsopano ija

Amalume,

Chisomo wandiuza kuti Samsung ija mwaipachika kale pabalaza, ndipo poiyatsa koyamba iye ankangodina Agree paliponse, kuthamangira mpira. Pamenepo ndiye munavomera, mosadziwa, kuti TV izikuzondani.

Mkati mwake muli chinthu chotchedwa ACR. Mukamaonera, chimatapa tizizindikiro ta zomwe zili pa sikirini n'kutumiza ku kampani kudzera pa intaneti. Kumeneko amadziwa kuti panyumbapo mwaonera chiyani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati. Musaganize kuti chimangoona mapulogalamu a pa intaneti okha: ngakhale za pa dikoda, kapena laputopu ya kuntchito mukailumikiza ndi chingwe cha HDMI, chimatha kuzizindikira. Otsatsa malonda ndiye amapindula nazo. Ku America, mu 2017, kampani ya Vizio inalipira madola 2.2 miliyoni chifukwa chotolera zoterezi pa ma TV 11 miliyoni eni ake asanavomere.

Tengani rimoti, dinani batani la kanyumba, mutsate njira iyi:

```
Settings > All Settings > General & Privacy > Terms & Privacy
```

Pa ma Samsung akale pang'ono, Terms & Privacy imakhala pansi pa Support. Mukalowa, pezani Viewing Information Services, muchotse kachizindikiro kovomereza. Mwa zonse, chofunika kwambiri ndi chimenechi. Kenako chitani chimodzimodzi pa mzere woyamba ndi mawu akuti Interest-Based, womwe ndi wa malonda osankhidwa potsata zomwe mumaonera. TV ikufunsani ngati mwatsimikiza, mwinanso kukuopsezani kuti musowa zina zabwino. Musagonje. Mpira uoneka bwinobwino, YouTube ya ana igwira ntchito monga kale.

Ndinene chilungamo, malonda sangatheretu. Aziwonekabe apo ndi apo, kungoti sakhala okonzedwa poyang'ana nyumba yanu. Komanso YouTube ndi Netflix zimasunga zawozawo pa akaunti yomwe mwalowera, zimenezo tidzakonza ndikabwera pa Khirisimasi.

TV ya azakhali ku Zomba ndi LG, kumeneko ACR ija dzina lake ndi Live Plus. Auzeni alowe mu All Settings, kenako General, kenako System, kenako Additional Settings, aizimitse.

Pempho langa lina: TV ikadzalandira pulogalamu yatsopano n'kubweretsanso tsamba lopempha kuti muvomere, rimoti isakhale m'manja mwa Chisomo. Werengani kaye, musadine povomera zonse pakamodzi. Ndipo ngati miyezi ina muzingoonera za pa dikoda, ichotseni pa Wi-Fi, bandulo yanu ipumeko.

Mukakakamira penapake, jambulani sikiriniyo munditumizire pa WhatsApp, ndimaweruka 6 koloko madzulo. Moni kwa onse kunyumbako.

Ine mphwanu,
Madalitso