Ndondomeko ya ntchito ndi ndalama za kanema wa mphindi 10 wa nyanja ya Chilwa

Kwa anzanga atatu a m'gulu lathu,

Monga tinagwirizana, kanemayu adzafotokoza chifukwa chake nyanja ya Chilwa imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. M'thumba tili ndi K600,000 yokha, ndipo ntchito yonse idzatenga masabata 6 kuyambira sabata yoyamba ya Seputembala, kuti tithane ndi za kunyanja mvula isanayambe kuwononga msewu wa ku Kachulu.

Masabata awiri oyamba ndi olemba mawu, ndipo ndikupempha kuti pasapezeke wogwira kamera mawuwo asanathe. Kulemba sikudya ndalama, pamene tsiku lililonse la kunyanja limatidyera pafupifupi K100,000. Mfundo zikhale zochepa: nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo imadalira madzi a mitsinje monga Likangala ndi Domasi. Tidzawerenga mawuwo mokweza wotchi ili patebulo, ndipo chilichonse chopitirira mphindi 8 tidzachidula, kuti mphindi ziwiri zotsalazo zikhale za asodzi a matemba ndi alimi a mpunga olankhula okha. M'masabata omwewa mmodzi wa ife akaonekere kwa amfumu, ndipo aliyense wodzajambulidwa avomere atamva bwino kumene kanemayu adzaonetsedwe.

Sabata yachitatu tidzajambula masiku atatu: awiri ku Kachulu, limodzi m'mbali mwa Likangala ndi pamwamba pa phiri la Zomba, pamene nyanja imaonekera patali. Tizidzayamba mbandakucha, dzuwa lisanawawe. Mawu a wofotokoza tidzawajambula usiku m'chipinda chotchinga ndi mabulangeti.

Masabata awiri otsatira ndi olumikiza zithunzi, ndipo ndawapatsa nthawi yaitali dala poganizira kuzimazima kwa magetsi. Sabata yomaliza tidzaonetsa kanemayu kwa anthu ochepa osadziwa nkhaniyi, tikonze pamene sanamvetse, kenako titulutse wa 1080p ndi wina wopepuka wotumiza pa WhatsApp.

Za ndalama, mayendedwe adzatenga K180,000, chakudya K90,000, ndipo bwato ndi mwini wake K50,000. Posungira zithunzi padzalowa K80,000, chifukwa chilichonse chojambulidwa chiyenera kusungidwa pawiri tsiku lomwelo, pamene mayunitsi ndi intaneti zidzadya K40,000. Kamera sitibwereka, popeza mafoni athu awiri akwanira, koma maikolofoni yovala pachifuwa tidzabwereka pa K60,000. Apa sindikufuna kuumira, chifukwa mphepo ya kunyanja imameza mawu, ndipo woonera amapirira chithunzi chosawala bwino koma sapirira mawu osamveka. K100,000 yotsalayo ndi yodikira zadzidzidzi, ndipo isakhudzidwe popanda tonse anayi kuvomereza. Pulogalamu yolumikizira zithunzi idzakhala yaulere, ndipo nyimbo za eni sitigwiritsa ntchito.

Palibe adzalandire malipiro, monga tinamvana. Msungichuma azilemba ndalama iliyonse yotuluka m'kope tsiku lomwelo, ndipo tikumane Loweruka m'mawa aliyense atabweretsa tsamba limodzi la mfundo zake.