Nkhani ya mtsinje wa Lilongwe yomwe yakonzedwera Chisomo wa Sitandade 4

Mayi Banda,

Ndakonza nkhani imene muwerengetse Lachinayi kuti Chisomo, amene ali ndi disilekisiya, vuto limene limachititsa kuti munthu azivutika kuwerenga, aiwerenge pamodzi ndi anzake. Mfundo zonse za m'nkhani yanu zilimo, pakuti mwanayu amamva bwino lomwe zimene wina akumuwerengera. Chimene chimamutopetsa ndi zilembo zothinana ndi ziganizo zotalika.

Inu munalemba kuti: "Mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira m'mapiri a Dzalanyama ndipo madzi ake amasungidwa m'madamu a ku Malingunde asanayeretsedwe ndi kutumizidwa m'mipopi, umadutsa pakati pa mzinda umene unakhala likulu la dziko lino mu 1975." Chiganizochi n'cholondola, koma ndinaona kuti Chisomo akamafika pa mawu akuti "asanayeretsedwe" amakhala atataya kale chiyambi chake, chala chili pamzere wina, maso ali pamzere wina. Iye awerenge izi:

Mtsinje wa Lilongwe umayambira kumapiri a Dzalanyama.

Ku Malingunde kuli madamu.

Madamuwo amasunga madzi a mtsinjewu.

Anthu amayeretsa madziwo.

Kenako madzi amapita m'mipopi.

Mtsinjewu umadutsa pakati pa mzinda wa Lilongwe.

Mzindawu unakhala likulu la Malawi mu 1975.

Potayipa ndasankha zilembo za Arial za saizi 14, chifukwa zilibe timichira tokongoletsa ngati ta Times New Roman. Verdana ingagwirenso ntchito. Mpata wa pakati pa mizere ndi 1.5, umene mu Word umapezeka podina Ctrl+5, ndipo mizere yonse yayambira kumanzere popanda kuikoka kuti ilingane kumanja, popeza kuikoka kumasiya mipata yosiyanasiyana pakati pa mawu. Sindinadule mzere kunsi kwa mawu, sindinapendeketse zilembo, ndiponso mutu sindinaulembe ndi zilembo zazikulu zokhazokha, ndangoudetsa kwambiri. Ngati pepala lotuwirako ngati chikasu lingapezeke mu ofesi, musindikizirepo, chifukwa loyera kwambiri limathobwa ana ena m'maso.

Chichewa chathu chimalumikiza zambiri m'mawu amodzi, choncho kufupikitsa chiganizo kokha sikukwanira. N'chifukwa chake "asanayeretsedwe" ndawasandutsa chiganizo chakechake. Mayina a malo sindinawasinthe, chifukwa mwana wa ku Lilongwe ayenera kuwadziwa, koma musanayambe phunziro muwalembe pakhadi mogawa maphatikizo, Dza-la-nya-ma ndi Ma-li-ngu-nde, kenako muwatchule naye limodzi. Mumupatsenso rula yoti aziika pansi pa mzere umene akuwerenga.

Ndikupempha kuti musindikize mapepala angapo n'kugawira gulu lake lonse, kuti asaoneke wosiyana ndi anzake, komanso mumufunse mafunso omwewo amene mufunse ena. Lachisanu ndidzabwera nthawi ya buleki kudzamva mawu amene anamuvuta.

Ine,
E. Mwale
Mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera