Chikumbutso: ndalama yotsala ya mtedza, K12,000,000, ifike pofika Lachisanu pa 31 Okutobala 2025

Lolemba, 20 Okutobala 2025

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Kanengo. Kuno ku Mchinji tili bwino, kungoti dzuwa lanyanya.

Ndikukulemberaninso m'malo mwa komiti ya kopaletivi yathu pa nkhani ya ndalama yotsala ya mtedza womwe munatenga kuno. Imelo yoyamba ndinakutumizirani Lolemba pa 29 Sepitembala. Lachitatu pa 8 Okutobala ndinaimba foni ku ofesi kwanu, ndipo mayi amene anayankha anati muli pa msonkhano, mundiimbira mukatuluka. Sindinalandire foni, ndipo lero pakwana masabata atatu chitumizireni imelo ija popanda yankho. Mwina inasochera pakati pa makalata ena, zimachitika. N'chifukwa chake ndabwereza nkhani yonse pano kuti musavutike kufufuza zakale.

Lolemba pa 18 Ogasiti galimoto yanu inanyamula matumba 240 a mtedza wosenda wa CG7 pa nyumba yathu yosungiramo mbewu kwa Kamwendo. Thumba lililonse linali la makilogalamu 50, onse pamodzi makilogalamu 12,000. Kalaliki wanu anayeza yekha pa sikelo yanu, anamasula matumba omwe anafuna kuti aone ngati muli chuku kapena zinyalala, kenako anasayina kuti wakhutira. Tinagwirizana K2,500 pa kilogalamu, kutanthauza K30,000,000. Munatipatsa K18,000,000 sabata yomweyo, ndipo pa izi tinathokoza ndipo tikuthokozabe. Yotsalayo, K12,000,000, mgwirizano womwe tinasayinirana ukuti idzaperekedwa pasanathe masiku 30, ndiye kuti pofika pa 17 Sepitembala.

Tsikulo litakwana sitinakuvutitseni. Zisankho zinali zitangochitika dzulo lake, pa 16 Sepitembala, ndipo tinadziwa kuti ntchito zambiri m'tauni zinali zikuyenda mwapang'onopang'ono anthu akudikira zotsatira. Wapampando wathu ndi amene anati tikupatseni masiku ena, ndipo tonse tinavomera. Koma tsopano padutsa mwezi wathunthu ndi masiku atatu.

Bambo Phiri, ndiloleni ndikuuzeni chomwe kuchedwaku kukuchita kuno, chifukwa pa pepala zimaoneka ngati ndi nambala chabe. Ndalamayi si ya komiti. Ndi ya alimi 64, ambiri mwa iwo amayi, omwe anakhala pa mkeka masabata angapo akusenda ndi kusankha mtedzawu ndi manja kuti ufike pa mlingo womwe inu munafuna. Mavenda anabwera ndi masikelo awo mu Juni ndi Julaye, ndalama ili m'manja, koma ife a komiti tinawauza alimi kuti apirire, tigulitse pamodzi kwa wogula mmodzi wodziwika. Anatimvera. Lero akandiona pa msika kapena ku tchalitchi amandifunsa kuti, "Alembi, zija zafika?" ndipo ine ndilibe chowayankha. Chomwe chikundipweteka kwambiri n'choti ena ayamba kunong'ona kuti mwina ndalama inabwera kale, komiti inadya. Kopaletivi imatha ndi manong'onong'o otere, ngakhale ndalamayo itadzabwera pambuyo pake.

Komanso nyengo siyidikira. Anthu amaliza kusosa, ambiri ali pa mizere. Mvula yobzalira kuno imayamba cha kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo mlimi amafuna kuti ikamagwa, mbewu ndi feteleza wokulitsa zikhale zili kale m'nyumba. Mtedza wobzala mochedwa sukhala ndi zokolola zabwino, inunso mukudziwa, ndipo ndi mtedza womwewo womwe mudzaufune chaka chamawa. Ena mwa mamembala anakongola ku banki mkhonde podalira ndalamayi, kuti alipire aganyu ndi fizi ya ana pamene sukulu zinatsegulira mu Sepitembala, ndipo chiwongola dzanja chikukwera mwezi ndi mwezi. Sitikufuna kuti wina afike popita kwa akatapila chifukwa cha ndalama yake yomwe.

Choncho komiti inakumana Loweruka lapitali ndipo yandituma kuti ndikupempheni zinthu ziwiri.

Choyamba, tiyankheni imelo ino pofika Lachisanu lino, pa 24 Okutobala, 5 koloko madzulo isanakwane. Mizere iwiri yokha ikwanira, yongotsimikiza kuti mwalandira kalatayi ndipo mukuvomereza kuti yotsala ndi K12,000,000. Ngati mabuku anu akuonetsa nambala ina, kapena pali chomwe simunakhutire nacho pa mtedza womwe munalandira, tiuzeni pa tsiku lomwelo ndipo mutitumizire mapepala ake kuti tiunike limodzi. Mpaka pano palibe dandaulo lililonse lomwe latifika kuchokera kwa inu.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu: ndalama yonse yotsala ikhale italowa mu akaunti ya kopaletivi pofika Lachisanu pa 31 Okutobala 2025. Akaunti yake ndi yomwe ija munatumizamo ndalama yoyamba, sinasinthe. Mukatumiza, chonde mutipatse umboni wa ku banki pa imelo yomweyi kuti msungichuma wathu akatsimikize tsiku lomwelo. Musatumize pa foni ya munthu aliyense wa komiti, ngakhale yanga, chifukwa malamulo athu salola.

Tsikuli sitinangolitola. Loweruka pa 1 Novembala tili ndi msonkhano wa mamembala onse, ndipo ine ndiyenera kudzaima pamaso pawo n'kuwerenga momwe malonda a chaka chino ayendera. Sitingathenso kulisuntha. Ngati pali vuto lenileni lomwe likukulepheretsani kupereka yonse nthawi imodzi, lankhulani nafe pofika pa 24 Okutobala. Komiti ndi yokonzeka kumva, bola chomwe mungatiuze chilembedwe, chikhale ndi masiku ndi ndalama zake zenizeni, ndipo gawo lalikulu lilowe pofika pa 31 pomwepo. Chomwe sitingathe kupita nacho kwa alimi ndi kukhala chete kwanu.

Ndikuuzeniretu, osati moopseza koma kuti musadzadabwe: pakafika pa 31 Okutobala popanda ndalama komanso popanda mgwirizano wina wolembedwa, komiti idzafotokozera mamembala zonse monga zilili, idzadziwitsa alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya boma lathu omwe anachitira umboni mgwirizano uja, ndipo idzapempha loya kuti apitirize nkhaniyi. Palibe mmodzi wa ife amene akufuna zifike pamenepo. Aka n'kachiwiri tikugulitsana nanu, chaka chatha munalipira pa nthawi yake, ndipo ndi ine amene ndinalimbikitsa anzanga kuti tibwererenso kwa inu.

Ndaphatikiza pa imelo ino mgwirizano womwe tinasayinirana, malisiti a pa sikelo a pa 18 Ogasiti, ndi imelo yanga ya pa 29 Sepitembala. Ndatumizanso kope kwa wapampando ndi msungichuma wathu, komanso kwa akauntanti wanu, kuti ngati inu muli pa ulendo nkhaniyi isaime. Ngati mungakonde kuti tikambirane pamaso, ine ndi wapampando tikhoza kubwera ku Lilongwe Lachitatu kapena Lachinayi sabata ino, mungotiuza nthawi.

Ndidikira kumva kuchokera kwa inu pofika Lachisanu.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Mayi Banda
Mlembi wa kopaletivi, m'malo mwa komiti
Kamwendo, Mchinji