Uthenga wa pa chinkuzamawu kwa anthu a ku Area 25

Tamverani, tamverani! Amayi ndi abambo a kuno ku Nsungwi, Dzenza ndi madera oyandikira, kiliniki yanu ija ya geti lobiriwira kuseri kwa msika yawonjezera nthawi yogwira ntchito.

Lolemba mpaka Lachisanu timatsegula 7 koloko m'mawa, kutseka 8 koloko usiku, kuti nanunso oweruka mochedwa mutipeze. Loweruka timatseka 4 koloko madzulo. Lamulungu ndi masiku atchuthi tilipo kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko masana.

Mwana akatentha thupi, chonde musamangomupatsa panado n'kudikira kuti kuche kawiri. Mvula yayamba, udzudzu wachuluka, ndipo malungo sachedwa kufoola mwana. Bwerani naye. Timangotenga kadontho ka magazi pachala, pakatha mphindi 20 zotsatira zatuluka, mankhwala mulandirira pompano. Akamasanza chilichonse kapena kukomoka, musadikire ngakhale ola limodzi.

Timayezanso BP, shuga ndi HIV mwachinsinsi, timatsuka ndi kusoka mabala, ndipo njira zakulera zilipo. Sikelo ya amayi oyembekezera ndi Lachiwiri, ya ana ndi Lachinayi m'mawa. Abambo, aperekezeni amayi kusikelo, mpando wanu ulipo.

Matenda otikulira sitikakamira ayi, timakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila.

Mitengo tinaimata pakhoma, muione musanalipire. Timalandira ndalama pamanja, Airtel Money ndi Mpamba. Pobwera musaiwale buku la kuchipatala, ngakhale lija lakale long'ambika, chifukwa limatiuza mankhwala amene munalandirapo kale.