Nyali ya Saidi

Mwera ukayamba mu Juni, koloboyi wa amayi ake a Saidi ankangozimazima. Iwo ankagulitsa usipa wokazinga madzulo m'mbali mwa msewu kwa Mpondasi, ndipo masiku ena machesi ankatha usipa usanathe.

Pa nkhani ya mawaya Saidi anali katswiri. Magalimoto ake ankakhala ndi chiwongolero chachitali komanso mateyala okhota bwinobwino, koma nyali anali asanapangepo. Loweruka lina anayenda wapansi mpaka ku Boma, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kumene amalume ake ankakonza mawailesi ndi mafoni. M'katoni ya zinthu zotaya anapezamo tochi yophwanyika, timababu take titatu tili bwinobwino.

"Amalume, iti mungandipatse?"

"Tenga, koma umve. Iti si ngati babu lakale lija. Magetsi amalowera mbali imodzi yokha, ukatembenuza sitiyaka. Ndiye batire limodzi ndi mavoti 1.5, pomwe toyera iti timafuna pafupifupi 3. Ulumikize awiri, mutu wa lina ugunde kumbuyo kwa linzake."

Anamuwonjezera timawaya tiwiri ta mu chaja chakufa, n'kumuuza kuti mabatire akadzionere yekha.

Chimango sichinamuvute. Anawongola waya wa mpanda wakale pomenya ndi mwala, n'kupinda mikombero iwiri mozunguliza chitini cha mkaka kuti ikhale yofanana. Anailumikiza ndi mizati inayi, mfundo zonse n'kumanga ndi malegeni. Pamwamba anaikapo chogwirira.

Pulasitiki ndiye anamudyera nthawi. Botolo lobiriwira anatola kuseri kwa golosale, chidutswa chofiira chinachokera ku beseni long'aluka la agogo, chachikasu ku chigubu cha mafuta ophikira. Chigubucho chinali chochindikala moti kuwala sikukanadutsa, choncho anakhala pansi pa mtengo wa mlambe akuchipala ndi galasi losweka mpaka atachiyang'anitsa kudzuwa chinkaonetsa mthunzi wa zala zake. Ankaika msomali pa mbaula, ukafiira n'kuboola timabowo m'mphepete, kenako n'kusokerera chidutswa chilichonse ku chimango ndi waya woonda. Utsi wa pulasitiki unamutsokomoletsa, agogo n'kumuthamangitsa pakhonde.

"Iwe, beseni langa lija ndimati ndimatitse!"

"Agogo, linali litatheratu."

"Linatha n'kale, koma linali langa."

Mabatire anagula ndi ndalama yomwe mnzake anamupatsa pogula basi ya mawaya. Anawakulunga m'katoni, n'kumanga ndi legeni mwamphamvu. Atagunditsa waya, zii. Anakanikiza, anapukuta nsonga za mawaya, anagwedeza, koma osayaka. Mlongo wake Asiyatu anali ataima pakhomo akuseka chamumtima. Apa m'pamene mawu a amalume anamubwerera. Anasinthanitsa mawaya awiri aja, ndipo khoma la nyumba linasanduka lofiira uku, lobiriwira uko, nkhuku yomwe inali pafupi n'kudzidzimuka. Pansi pa timababu anayalapo pepala lonyezimira la m'paketi ya mabisiketi kuti kuwala kusamathere pansi.

Azana ya magharibi itamveka, ananyamula nyaliyo kupita kumsewu, ana a m'mudzi ali pambuyo. Anaikoleka pa msomali pamwamba pa benchi. Mwera unkaigwedeza ndithu, koma sinazime. Akabaza ankachepetsa liwiro kuti aone.

Kasitomala woyamba anali bambo wina wovala chipewa choyera. Anawerama, n'kuyang'ana m'lichero kwa nthawi.

"Mayi, usipa wake wa liti uwu? Bwanji wabiriwira?"

Amayi anayang'ana, mtima n'kugunda. Mbali yobiriwira ndi imene inaloza pa lichero, ndipo usipa wa lero lomwe unkaoneka ngati wachita nkhungu. Saidi anatembenuza nyaliyo. Tsopano unafiira ngati wapserera. Bamboyo anaseka mpaka kugwira benchi, komabe anagula mulu umodzi, ati chifukwa cha fungo.

Saidi sanayankhule. Anathamangira kunyumba, n'kubwerako ndi botolo loyera la madzi akumwa ndi lumo. Pomwepo, atakhala pa mwala, anamasula mbali yobiriwira ija n'kusokererapo yoyera. Iyi inayang'ana pa usipa, yofiira ndi yachikasu zinayang'ana kumsewu. Mmene inkakwana 8 koloko, lichero linali litayera.

Mayi wogulitsa mandazi pa benchi yoyandikana anamukodola.

"Saidi mwanangu, yanga upanga liti?"

"Mukagule mabatire awiri. Komanso timababu tandithera."

"Kunyumba kuli matochi akufa, ndibweretsa mawa. Nanga mtengo?"

Saidi anayang'ana amayi ake. Iwo anali kalikiliki kuwerenga ndalama pansalu, ndipo anayankha osadzutsa mutu: "Ayambe wagula beseni la agogo ake."