Umboni wa mfundo ya Vandermonde: kuwerenga makomiti m'njira ziwiri

Chizindikiro C(a, b) chikuimira kuchuluka kwa njira zosankhira zinthu b pa zinthu a, mosalabadira kuti chayamba kusankhidwa n'chiti. Ngati b yaposa a, C(a, b) ndi 0, poti munthu sangasankhe zoposa zomwe zilipo.

Mfundo yake ndi iyi. Pa manambala athunthu m, n ndi r osachepera 0,

C(m+n, r) = C(m, 0)·C(n, r) + C(m, 1)·C(n, r−1) + … + C(m, r)·C(n, 0)

Imadziwika ndi dzina la Vandermonde wa ku France, yemwe anailemba mu 1772, ngakhale Zhu Shijie wa ku China ankaidziwa kale mu 1303.

Umboni. Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi ili ndi amayi m ndi abambo n, ndipo ikufuna komiti ya anthu r. Makomiti osiyanasiyana omwe angapangidwe ndi angati?

Poyamba tiwerenge mosayang'ana kuti uyu ndi mayi kapena bambo. Anthu onse alipo m+n, tikusankhapo r, choncho makomiti ndi C(m+n, r).

Kachiwiri, makomiti omwewo tiwaunjike m'milu potengera kuchuluka kwa amayi. Mulu k ukhale wa makomiti okhala ndi amayi k ndendende, k kuyambira 0 mpaka r. Apa m'pamene pagona umboni wonse, ndiye tisathamange. Komiti iliyonse ili ndi chiwerengero chimodzi chokha cha amayi, kotero imagwera mulu umodzi basi. Palibe yotsala panja, palibenso yowerengedwa kawiri.

Nanga mu mulu k muli makomiti angati? Amayi k timawasankha m'njira C(m, k). Mipando yotsala ndi r−k ndipo yonse ndi ya abambo, omwe timawasankha m'njira C(n, r−k). Amayi omwe tatenga sasintha kasankhidwe ka abambo: kagulu kalikonse ka amayi kangaphatikizidwe ndi kagulu kalikonse ka abambo. N'chifukwa chake timachulukitsa, n'kupeza C(m, k)·C(n, r−k). Tikaphatikiza milu yonse tipeza mbali yakumanja ija. Makomiti ndi omwewo, choncho mayankho awiriwa ndi ofanana. Umboni wathera pamenepa.

Tiyese ndi amayi 4, abambo 3, komiti ya anthu 3. Yopanda mayi ilipo 1·1 = 1; a mayi mmodzi 4·3 = 12; a amayi awiri 6·3 = 18; a amayi okhaokha 4·1 = 4. Pamodzi ndi 35, ndipo C(7, 3) ndi 35 yemweyo.

Umboniwu ndimaukonda kuposa wa aljebula chifukwa chigawo chilichonse cha mfundoyi chikuwerenga anthu omwe mungawaloze ndi chala. Ukutipatsanso mfundo ina mosavutikira. Ikani m = n = r. Kusankha abambo n−k olowa m'komiti n'chimodzimodzi kusankha abambo k otsala kunja, choncho C(n, n−k) = C(n, k), ndipo

C(2n, n) = C(n, 0)² + C(n, 1)² + … + C(n, n)²

Pa n = 2 tikupeza 1 + 4 + 1 = 6, yemwe ndi C(4, 2).