Tsiku limene ndinasiya kunena kuti "bwerani mawa"

Tsamba 1

Kwa zaka zinayi ndinali telala wabodza. Kusoka ndinkakudziwa, koma pakamwa panga panalibe choona. Kokerani kumanzere mumve.

Tsamba 2

Kashopu kanga kali ku Kawale: makina awiri, simbi yamakala, benchi imodzi ya alendo. Aliyense wobwera ndi chitenje ndinkamuyankha mofanana: "Lachisanu mudzapeza zatheka." Kumbuyoku nsalu zili mulu kufika pawindo. Kukana ntchito ndinkakuona ngati kuthamangitsa ndalama. Lachisanu likakwana ndinkaloza magetsi, kapena maliro, kapena mwana wadwala. Azakhali anga amodzimodzi ndinawaika m'manda kawiri, chonsecho ali moyo ku Mitundu.

Tsamba 3

Mu Okutobala 2023 ndinalandira ntchito ya chinkhoswe: madiresi 14 a akuchikazi, nsalu yofanana. Anandipatsa theka la ndalama. Theka limenelo ndinalipirira lendi ndi fizi, ndikuti zipi, ulusi ndi nsalu yamkati ndidzagula tsiku likayandikira.

Tsamba 4

Mu Novembala kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nditapita m'tauni kukagula zipangizo, ndalama imene ndinapanira m'chikwama sinakwane ngakhale theka la zomwe ndinalemba papepala. Kwatsala masiku atatu, madiresi osokedwa asanu okha. Foni ndinaizimitsa.

Tsamba 5

Lachinayi m'mawa ndikutsegula, ndinapeza mayi a mkwatibwi ali kale pakhomo. Anachokera ku Chinsapo, maminibasi awiri. Ndinakonzekera kutukwanidwa. Sanatero. Anakhala pabenchi, nkutulutsa mtedza m'jumbo, nkuyamba kusenda.

"Amayi, bwerani mawa, zikhala zitatheka."

"Soka, mwanangu. Ine ndilipo."

Anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Makasitomala ena atatu anabwera kudzafunsa zovala zawo, ndipo onse ndinawanamiza mayiwo akumva, makoko a mtedza akugwera m'chitenje chawo. Sindinayambe ndamvapo mawu anga akundinyansa ngati tsiku limenelo.

Tsamba 6

Ponyamuka anawerenga madiresi pa hang'ala, nkundiyang'ana.

"Ukanandiuza sabata yatha kuti ukwanitsa asanu ndi awiri, enawo ndikanapereka kwina, ndipo ndikanakuthokoza. Wandibera masiku, mwanangu. Ndalama ndikanaipeza ina."

Anatenga asanu ndi awiriwo. Nsalu zotsala ananyamula zosasoka. Loweruka amayi asanu ndi awiri anavina pachinkhoswe atangomanga zitenje m'chiuno. Zithunzi ndinaziona pafoni, ndipo ndinadziwa aliyense ndi miyezo yake.

Tsamba 7

Lolemba ndinagula kope la masamba 96 ndi bolopeni yofiira. Ndinakhala pansi nkuwerengera moona: diresi la nsalu yamkati limanditengera tsiku lathunthu, kuyambira kudula mpaka kusita. Ndiye kuti pasabata ndi zovala zisanu, zikachuluka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinkalandira khumi ndi ziwiri.

Kenako ndinayatsa foni nkuimbira anthu 23 amene nsalu zawo zinali pamulu paja. Aliyense ndinamuuza tsiku lenileni. Asanu ndi anayi anabwera kudzatenga nsalu zawo, mmodzi osandipatsa ndi moni yemwe. Ndalama ya chinkhoswe ndinabweza pang'onopang'ono pa Mpamba, miyezi itatu.

Tsamba 8

Chimene ndinaphunzira pabenchi paja: wobwera kwa telala sakugula diresi lokha, akugulanso tsiku. Ali ndi ukwati, ali ndi ubatizo, wauza kale anzake. Msoko wokhota umasomoledwa nkusokanso. Loweruka likadutsa, ladutsa.

Tsamba 9

Masiku ano ndimagwira chonchi. Ndalama yoyamba mukapereka, ndimagulira zipangizo za chovala chanu tsiku lomwelo, ndipo lisiti ndimakutumizirani. Tsiku lodzatenga timalemba m'kope tonse awiri mukuona. Magetsi akavuta ndimakuimbirani ineyo, kusanache. Sabata ikadzaza ndimati yadzaza, nkukulozerani kwa mnzanga wosoka bwino ku Biwi. Ena amakwiya, amati ndayamba matama. Mwina.

Tsamba 10

Mayi aja anabweranso chaka chotsatira ndi nsalu ya Umanyano. Sanatchule za kale. Anangofunsa kuti, "Kope lija lili kuti?" Ndinawalembera Lachiwiri. Anabwera Lachiwiri, mtedza osanyamula.

Tsamba 11

Mwezi wa Disembala kwatsala malo anayi m'kope, onse sabata yachiwiri. Ngati muli ndi chinkhoswe kapena ukwati, nditumizireni uthenga wonena tsiku la mwambo ndi chiwerengero cha zovala. Ndikuyankhani lero lomwe kuti zitheka kapena ayi.